Kuchepetsa mifuuliro, maimoji ndi mawu ongodzazira mu uthenga wa ntchito, chisangalalo n'kumamvekabe

Tiyerekeze kuti mayi ena amaphika zakudya za pa misonkhano ku Zomba. Bambo amene amagula zinthu ku bungwe lina awalembera pa WhatsApp kuti: "Mwaswera bwanji mayi. Kotesheni yanu yavomerezedwa. Maphunziro ayamba Lachiwiri sabata ya mawa, masiku atatu, anthu pafupifupi 40. Tiuzeni zofunika." Iyi ndi oda yaikulu, ndipo mayiwo asangalala moona. Chala chili pa foni, yankho latuluka motere:

"Eeee bwana zikomo kwambiri kwambiri!!! 🙏🙏 Ndasangalala zedi kumva kuti mwatisankha ife eti 😍😍 Ndiye basi tingoti zakudyazo tidzabweretsa ndithu ndithu, musadandaule ayi!! Koma ndimangofuna ndingofunsa chabe kuti kaya mwina mungathe kutipatsako kandalama pang'ono koyambira 🙈 Komanso anthu aja paja ndi angati kodi?? kkkk Zikomo zikomo bwana!!! 🔥🔥💃"

Muwerenge bwino. Muli mawu 44, mifuuliro 8 ndi maimoji 8. Nambala mulibe ngakhale imodzi: mulibe nthawi imene chakudya chidzafike, mulibe kuchuluka kwa ndalama zimene akupempha, mulibe tsiku limene akuzifunira. Bambo aja anati "tiuzeni zofunika", koma chimene alandira sangapite nacho kwa akauntanti. Ayenera kulembanso kuti afunse "kandalama pang'ono" ndi zingati, ndipo pofunsa paja ayamba kukayikira ngati mayiwa adzathe kudyetsa anthu 40 pa nthawi yake.

Chisangalalo cha mayiwa sicholakwika. Vuto ndi malo amene chakhala. Chalowa m'zizindikiro ndi m'tizithunzi, pomwe wowerenga wa ku ntchito amachifunafuna m'mawu onena chinthu chenicheni. Ntchito yonse imene tifotokoze pano ndi yosamutsa chisangalalocho, kuchichotsa m'zizindikiro n'kuchiika m'zimene mukunena ndi zimene mukulonjeza. Tiutsata uthenga womwewu mpaka utakonzeka.

Lembani kaye momasuka, koma pamalo posatumizika

Musadzikakamize kulemba mwaukatswiri pa ulendo woyamba. Munthu akamadziletsa pa liwu lililonse, uthenga umatuluka wouma ndipo amaiwala zina zofunika. Lembani mmene mtima ukunenera, kungoti musalembere m'kabokosi ka munthu amene mukumuyankhayo, chifukwa chala chimakhudza batani lotumizira mwangozi. Pa WhatsApp mungathe kudzitumizira uthenga pa nambala yanu yomwe, kapena kulemba mu kabuku ka manotsi ka m'foni. Ngati ndi imelo, siyani malo a adiresi opanda kanthu mpaka mutamaliza.

Mukalemba, dikirani mphindi zisanu kapena khumi. Oda siithawa pa mphindi khumi. Kenako bwererani m'mwamba muwerenge mauthenga atatu omaliza amene munthuyo anakulemberani, muone kuti iye amaika mifuuliro ingati ndi maimoji angati. Umenewo ndiye muyeso wanu: mutha kufanana naye kapena kuchepera, koma musamupitirire kwambiri. Bambo a ku bungwe aja sanaike mfuuliro kapena imoji, komabe anapereka moni ndipo anati "mayi". Choncho yankho liyenera kukhala ndi moni ndi ulemu wokwanira, zokongoletsa zochepa kwambiri.

Mfuuliro: umodzi, ndipo musankhe pouika

Dzina lake likunena kale ntchito yake. Mfuuliro umakweza mawu. Munthu amene akukweza mawu pa chiganizo chilichonse samvekanso kuti ndi pati pamene pamukhudza kwambiri, ndipo womvera amatopa. Mfuuliro woyamba umamveka ngati chimwemwe, wachiwiri umachepetsa mphamvu ya woyamba, ndipo ikafika itatu yondondozana wowerenga amayamba kumva phuma kapena mkwiyo.

Poyamba chotsani yonse, muike mpumiro pamalo pake. Pa kompyuta, `Ctrl+F` ikuthandizani kuipeza mukalemba chizindikirocho m'kabokosi kofufuzira, ndipo mu Word ikuuzaninso kuti ilipo ingati. `Ctrl+H` imatha kuisintha yonse nthawi imodzi, koma samalani pamene munaika itatu pamodzi, chifukwa idzasanduka timadontho titatu, tomwe timamveka ngati mwasiya nkhani panjira. Pa foni palibe kuchitira mwina, muyenera kufufuta umodziumodzi.

Mukatero bwezerani umodzi wokha, pa chiganizo chimene mukanachinena mukumwetulira mukanakhala maso ndi maso ndi munthuyo. Kawirikawiri chimakhala chothokoza kapena choyamikira: "Zikomo potikhulupirira!" kapena "Mwagwira ntchito yotamandika!" Uthenga wautali, wa ndime zinayi kapena zisanu, ungalole iwiri, koma isakhale m'ziganizo zoyandikana.

Pali malo amene mfuuliro umasintha tanthauzo, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amapwetekera osadziwa. Yerekezani "Munditumizire chiwerengero cha anthu pofika Lachisanu." ndi "Munditumizire chiwerengero cha anthu pofika Lachisanu!" Woyamba ndi pempho, wachiwiri ndi lamulo la munthu amene watopa nanu. Wolemba amakhala akuganiza kuti akuonetsa changu, koma mawu ake ndi nkhope yake sizili pamenepo kuti zifewetse. N'chimodzimodzi ndi "Pepani!", amene amamveka ngati kupepesa kwa mwana wokakamizidwa, ndi "Ndalama sizinalowe!", amene amamveka ngati mukumunena mnzanuyo kuti wakuberani. Choncho pa pempho, pa nkhani ya ndalama, pa tsiku lomaliza, pa dandaulo ndi pa kupepesa, ikani mpumiro nthawi zonse. Mu uthenga wa mayi aja, "musadandaule ayi!!" ndi chitsanzo chake: bambo aja sanadandaule, ndiye kufuula kuti asadandaule kukuwapatsa chifukwa choyambira kudandaula.

Mfunsiro nawo ukhale umodzi. "Ndi angati kodi??" amamveka ngati munafunsa kale ndipo sanakuyankheni. Pa mutu wa imelo musaikepo mfuuliro n'komwe, ngakhale zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa ndi mmene amaonekera mauthenga otsatsa malonda ndi achinyengo, ndipo anthu ambiri anazolowera kuwadumpha.

Maimoji: funsani chimene chitayike mukaichotsa

Maimoji anachokera ku Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anafalikira m'mafoni a dziko lonse atalowa mu 2010 mu Unicode, ndondomeko imene mafoni ndi makompyuta amatsatira pozindikira zilembo ndi zizindikiro. Chimene Unicode imagwirizanitsa ndi nambala ndi dzina la imoji iliyonse. Kajambulidwe kake kampani iliyonse imapanga kake, motero nkhope imene mwatumiza pa imelo kapena pa SMS kuchokera pa foni ya Samsung siioneka ndendende pa iPhone kapena pa kompyuta ya mu ofesi. Pa foni yakale kapena ya mabatani mwina ingooneka ngati kabokosi kopanda kanthu. Ngati tanthauzo la chiganizo chanu latsamira pa imojiyo, ndiye kuti mwalisiya m'manja mwa foni ya mnzanu.

Ngakhale ikaoneka bwino, anthu samaimva mofanana. Manja ophatikiza 🙏 ena amati ndi zikomo, ena chonde, ena pemphero. Nkhope yomwetulira pang'ono 🙂 achikulire ambiri amaitenga ngati ulemu, pomwe achinyamata ena amaimva ngati kunyogodola. Yoopsa kwambiri ndi 😂, imene ili ndi misozi koma ndi yoseka. Anthu amaisokoneza ndi yolira n'kuiika pa uthenga wa maliro m'gulu la ku ntchito. Pa uthenga wa zovuta, matenda kapena chilango cha wantchito, musaikemo imoji iliyonse.

Muyeso wake ndi wosavuta. Phimbani imojiyo ndi chala, muwerenge chiganizocho. Ngati palibe chimene chatayika, ichotseni. Ngati chiganizo chasintha n'kukhala chaukali kapena chosamveka, ndiye kuti imojiyo imagwira ntchito imene mawu analephera, ndipo chofunika kukonza ndi mawuwo. Onani 🙈 ya mayi aja. Yakhala pambuyo pa pempho la ndalama kuti inene kuti "ndikuchita manyazi kupempha". Koma dipoziti ndi gawo la malonda, ndipo bambo aja amakumana ndi mapempho otere sabata iliyonse. Manyazi amenewo akuwauza kuti mayiwo sakutsimikiza ngati akuyenera kupatsidwa, ndipo pempho lotero ndi losavuta kulikana. Za 😍 ndi 💃 zichoke popanda kukambirana, chifukwa nkhope za mitima ndi zovina, zikapita kwa munthu amene simunazolowerane naye, zingamveke ngati nkhani ina imene simunaifune.

Sikuti maimoji ndi oletsedwa kulikonse. M'gulu la anzanu ogwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku, imoji imodzi kumapeto kwa uthenga wabwino siilakwika. Kwa kasitomala amene wayamba yekha kuika 🙏, mutha kubweza imodzi. Pa kalata yofunsira ntchito, kotesheni, invoisi, lipoti kapena uthenga woyamba kwa munthu wachilendo, musaike. Ndipo ngati mukungofuna kusonyeza kuti mwaona uthenga m'gulu la anthu ambiri, dinikizani uthengawo n'kusankha 👍 kuti ikhale pansi pake, m'malo motumiza uthenga watsopano umene uliza mafoni a onse. Koma bwana kapena kasitomala akafunsa funso, chala chokweza sichiyankha. Lembani mawu: "Ndamva, nditumiza mawa m'mawa."

Kwa amene mumatumiza ma SMS ambiri kwa makasitomala kapena kwa makolo a ana a sukulu, imoji imadyanso ndalama. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse ndi zilembo wamba. Mukaikamo imoji imodzi yokha, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena kamene kamanyamula zilembo 70 zokha, ndipo ukagawika, chigawo chilichonse chimanyamula 67. Uthenga wa zilembo 150, umene unali SMS imodzi, umasanduka zigawo zitatu. Mukautumiza kwa anthu 200 mulipira ma SMS 600 m'malo mwa 200. Chilembo cha ŵ chimachitanso chimodzimodzi, choncho yang'anani kanambala kowerengera zilembo musanatumize.

Mawu ongodzazira, ndi mmene mungawasiyanitsire ndi ulemu

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa m'Chichewa mawu ambiri amene amaoneka ngati owonjezera ndi amene amanyamula ulemu. Munthu akamva kuti uthenga wa ntchito uzikhala waufupi n'kuyamba kudula chilichonse, amatsala ndi mawu a mwano. Moni sangachoke. "Zikomo", "chonde" ndi "pepani" sangachoke. Kunena "mu-" ndi "a-" kwa munthu mmodzi, ngati "mwatisankha" kapena "abwana anena", sikungachoke. Zimene zikuchoka ndi zina, ndipo zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi mawu oyambira kulankhula: eee, aaa, ndiye, basi, eti, paja, tingoti, kkkk. Pakamwa amagwira ntchito, chifukwa amakupatsani mpata woganiza ndipo amamuuza mnzanu kuti simunamalize. Polemba mpata muli nawo kale. Awa ndi osavuta: fufutani, muwerengenso, ndipo mupeza kuti chiganizo chaima chokha. Awiri mwa iwo amawononga kuposa anzawo. "Eti" amapempha mnzanu kuti avomereze zimene mwanena, ndiye "mwatisankha ife eti" akumveka ngati mayiwo sakukhulupirira kuti asankhidwadi. "Paja" amanena kuti nkhaniyi munaimva koma mwaiwala, ndipo pa uthenga wathu akuulula kuti mayiwo sanawerenge bwino, poti bambo aja analemba kale kuti anthu ndi pafupifupi 40. Funso loyenera linali lofuna chiwerengero chotsimikizika.

Gulu lachiwiri ndi mawu okuza: kwambiri, zedi, ndithu, kwabasi, koopsa, zoonadi. Limodzi pa uthenga ndi lokwanira, ndipo liike pa kuthokoza. "Zikomo kwambiri" ndi Chichewa chabwino. "Zikomo kwambiri kwambiri" sawonjezera kanthu. Pa lonjezo, mawu okuza amabweza zinthu m'mbuyo: tonse timadziwa kuti amene amati "ndibwera ndithu ndithu" ndi amene timamukayikira. Mukapeza "ndithu" pa lonjezo, m'malo mwake ikanipo nthawi. "Tidzabweretsa ndithu ndithu" asanduke "Chakudya chizifika 11:45 m'mawa." Samalani kuti musadule kubwereza kumene kuli mbali ya liwu lenilenilo, monga pang'onopang'ono, kawirikawiri kapena mwamsangamsanga, chifukwa awa ali ndi tanthauzo lawolawo.

Gulu lachitatu ndi lovuta kuposa onse, ndilo mawu odzichepetsa: kaya, mwina, chabe, pang'ono, ka -ngo- ka pakati pa mneni, ka- wochepetsa dzina, ndi -ko wa kumapeto. Aliyense payekha ndi waulemu. "Mundithandizeko" ndi wofewa kuposa "mundithandize", ndipo palibe cholakwika. Vuto limabwera akaunjikana. Tiwerenge chiganizo cha mayi aja: "ndimangofuna ndingofunsa chabe kuti kaya mwina mungathe kutipatsako kandalama pang'ono koyambira." Muli -ngo- kawiri, chabe, kaya, mwina, mungathe, -ko, ka- ndi pang'ono. Zofewetsa 9 pa pempho limodzi. Pofika kumapeto, wowerenga sakudziwa ngati ili ndi pempho kapena ndi maganizo ongodutsa. Komanso "kandalama pang'ono" akunamiza, chifukwa zimene mayiwo akufuna si zochepa. Ngati mbale imodzi ndi K12,000, anthu 40 kwa masiku atatu ndi mbale 120, zonse pamodzi K1,440,000, ndipo theka lake ndi K720,000. Bambo aja akadzamva nambalayo pambuyo pa "kandalama", adzaona ngati awachenjerera.

Njira yake ndi iyi: pa pempho lililonse siyani chofewetsa chimodzi, kenako onjezerani kuchuluka, tsiku ndi chifukwa. "Mutipatseko theka la ndalama, K720,000, pofika Lolemba m'mawa kuti tigule nkhuku ndi mpunga." Ulemu uli mu "mu-" ndi mu "-ko". Chifukwa chimene mwapereka chimafewetsa pempho kuposa "kaya" ndi "mwina" onse pamodzi, poti chimamuonetsa munthu kuti ndalamayo ikupita ku ntchito yake yomwe.

"Mwina" musiyeni pokhapokha pamene mukukayikadi, ndipo munene chimene mukukayikacho. "Mwina chambo sichipezeka Lachitatu, ndiye tingaike nyama ya mbuzi" ndi uthenga wothandiza. "Mwina ndingathe kutumiza invoisi" pomwe mukudziwa kuti mutumiza, ndi kudzichotsera ulemu popanda chifukwa.

Liwu la "bwana" nalonso liganizireni. M'maofesi ena ndi mmene anthu amaitanirana, ndipo kulisiya kungadabwitse. Koma munthu amene wakuitanani kuti "mayi" mungamuyankhe kuti "bambo", ndipo mumakhala anthu awiri amene akuchita malonda molemekezana. Mulimonsemo, kamodzi pa moni n'kokwanira.

Kubwezeramo chisangalalo

Mukangochotsa zonsezi n'kutumiza, uthenga ukhala woyera koma wozizira, ngati risiti. Ili ndiye gawo limene ambiri amalidumpha, kenako n'kubwerera ku mifuuliro chifukwa aona kuti popanda iyo akumveka okwiya. Pali zinthu ziwiri zimene zimatenthetsa uthenga popanda chizindikiro.

Choyamba, tchulani chinthu chenicheni chimene chakusangalatsani. "Ndasangalala zedi" angalembedwe ndi aliyense kwa aliyense. "Ndasangalala kuti mwasankha zakudya za kwathu, chifukwa nkhuku ya lokolo ndi nkhwani wotendera ndi zimene timazidziwa bwino" angalembedwe ndi munthu yekhayo amene waganizira ntchitoyi. Wowerenga amamva kuti wolembayo waikapo mtima. Ngati simukupeza chinthu choti mutchule, werenganinso uthenga umene mwalandira, mutengemo mfundo imodzi. Pothokoza wantchito mnzanu n'chimodzimodzi: m'malo mwa "Mwachita bwino kwambiri!!! 🔥", lembani "Tebulo la mitengo limene munaika pa tsamba lachiwiri lachititsa kuti lipotili limveke msanga."

Chachiwiri, sonyezani changu ndi chimene muchite komanso nthawi yake. Kwa munthu wa ku ofesi, chiganizo chakuti "Invoisi nditumiza lero 4 koloko isanakwane" chimanena kuti ntchitoyi mwaifuna, kuposa maimoji a moto awiri. Kungoti lonjezani zimene mungakwanitse, chifukwa nthawi yolembedwa imakumbukika.

Tikaphatikiza zonse, yankho la mayi aja likhala lotere:

"Ndaswera bwino bambo, kaya inu. Zikomo kwambiri potikhulupirira pa ntchito imeneyi! Ndasangalala kuti mwasankha zakudya za kwathu, chifukwa nkhuku ya lokolo ndi nkhwani wotendera ndi zimene timazidziwa bwino. Chakudya chizifika pa malo a maphunziro 11:45 m'mawa, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, munditsimikizire chiwerengero cha anthu pofika Lachisanu masana, komanso ngati alipo amene sadya nyama. Chachiwiri, mutipatseko theka la ndalama, K720,000, pofika Lolemba m'mawa kuti tigule nkhuku ndi mpunga. Invoisi nditumiza lero 4 koloko isanakwane. Zikomo."

Uthengawu ndi wautali kuposa woyamba uja, ndipo zimenezo zili bwino, chifukwa cholinga sichinali kufupikitsa. Mfuuliro watsala umodzi, pa kuthokoza. "Kwambiri" watsala mmodzi. "Kaya" watsalanso, koma ndi wa moni, amene sakusonyeza kukayika kulikonse. Bambo aja atha kuutumiza uthengawu kwa akauntanti kapena kwa abwana awo mmene ulili, osachita kuufotokozera. Limeneli ndi funso labwino kudzifunsa pa uthenga uliwonse wa ntchito: kodi wolandirayo angaupereke kwa mkulu wake osasintha kanthu?

Mukadula mopitirira

Kulakwitsa kwa mbali inayi kumaonekera kwambiri pa mayankho aafupi. "Chabwino." "Ndamva." "Zikomo." Liwu limodzi ndi mpumiro, makamaka kuchokera kwa munthu amene dzulo ankaika maimoji asanu, limamveka ngati kutseka chitseko. Si Achewa okha amene amamva choncho. Ofufuza a ku yunivesite ya Binghamton ku America anapeza mu 2015 kuti mayankho aafupi a pa foni othera ndi mpumiro, ophunzira amene anawawerenga ankawaona ngati osachokera pansi pa mtima poyerekeza ndi opanda mpumiro. Kafukufukuyo anali wa mauthenga a m'Chingerezi, koma aliyense amene analandirapo "Chabwino." kuchokera kwa abwana akudziwa mmene zimamvekera.

Mankhwala ake si kubwezera mifuuliro. Talikitsani yankholo ndi mawu atatu kapena anayi onena chimene chichitike: "Chabwino mayi, ndiziona madzulo ano." "Ndamva, zikomo pondidziwitsa msanga." Mpumiro ukakhala kumapeto kwa chiganizo chathunthu suumvekanso ngati mkwiyo.

Zizindikiro zakuti mwadula kwambiri zimabwera kuchokera kwa anthu omwewo. Wina akakufunsani kuti "Kodi zili bwino?" kapena "Takulakwirani?" pomwe palibe chimene chachitika, kapena kasitomala amene ankacheza momasuka akayamba kuyankha mwachidule, ndiye kuti moni kapena chiganizo chothokoza chasowa. Kwa anthu amene mwakhala mukulemberana nawo kwa nthawi yaitali, musasinthe tsiku limodzi. Chepetsani pang'onopang'ono kwa sabata ziwiri kapena zitatu: yambani ndi mifuuliro yondondozana, kenako maimoji a pakati pa ziganizo, pomaliza mawu odzazira. Kwa munthu watsopano yambani ndi kalembedwe katsopano kuchokera pa uthenga woyamba.

Musanatumize, ndi mukatumiza kale

Werengani uthengawo mokweza, ndi mawu amene mungalankhulire mutakhala mu ofesi ya munthuyo. Pamene pali mfuuliro kwezanidi mawu. Ngati mwachita manyazi kukweza, mfuulirowo uchoke. Pamene lilime lakodwa kapena mpweya watha musanafike pa mpumiro, pali mawu odzazira amene atsalira. Pomaliza yang'anani ngati pempho lililonse lili ndi kuchuluka ndi tsiku.

Mukazindikira cholakwika mutatumiza kale, WhatsApp imalola kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15: dinikizani uthengawo n'kusankha `Edit`. Mnzanuyo adzaona kachizindikiro kakuti uthengawo wakonzedwa, ndipo mwina anali atawerenga kale woyambawo pamene foni inalira. Choncho gwiritsani ntchito njirayi pokonza nambala yolakwika kapena kuchotsa imoji yosayenera, monga yoseka pa uthenga wa maliro, ndipo pa cholakwika chachikulu chotere onjezerani mawu opepesa. Mfuuliro umodzi wowonjezera suyenera kukonzedwa, chifukwa kukonza kumakopa maso kuposa cholakwikacho. Pa Gmail, nthawi yobweza imelo imene mwangotumiza imayamba ili pa masekondi 5, koma mu `Settings`, pa `Undo Send`, mungaikweze kufika pa 30.

Mauthenga amene mumalemba mobwerezabwereza, monga olandira oda, okumbutsa ngongole ndi othokoza mukalandira ndalama, akonzeni kamodzi modekha n'kuwasunga. WhatsApp Business ili ndi malo osungira mayankho okonzeratu, amene amatuluka mukalemba `/` m'kabokosi ka uthenga. Mu lililonse siyani mpata wa dzina la munthu, nambala ndi tsiku, komanso mpata wa chiganizo chimodzi chimene muzilemba chatsopano nthawi iliyonse, chonena chinthu cha munthu ameneyo ndi oda yakeyo. Mukasiya kudzaza mpata umenewu, makasitomala amene amagula kawirikawiri adzazindikira pa ulendo wachitatu kuti akulandira mawu omwe aja.